Masheya ndi mabondi

Masheya ndi mabondi ndi njira ziwiri zikuluzikulu zimene munthu amaikira ndalama zake mu kampani kapena m'boma ndi cholinga choti zipindule. Sheya ndi kagawo ka umwini wa kampani, choncho wogula sheya amakhala mmodzi mwa eni ake a kampaniyo. Bondi ndi chikalata cha ngongole, choncho wogula bondi amakhala wobwereketsa ndalama kwa kampani kapena boma limene latulutsa chikalatacho. Kusiyana konse kwa zinthu ziwirizi kumachokera pa mfundo imodzi: wobwereketsa amalandira zimene analonjezedwa ndipo amayamba ndiye kulipidwa, pamene mwini amalandira zotsala, kaya zachuluka, zachepa kapena palibiretu.

Ku Malawi masheya amagulitsidwa pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Mabondi ambiri ndi a boma ndipo amagulitsidwa kudzera ku Reserve Bank of Malawi, banki yaikulu ya dziko imene likulu lake lili ku Lilongwe.

Chitsanzo cha chigayo

Kusiyana kwa umwini ndi ngongole kumaoneka bwino pa bizinesi yaing'ono. Chitsanzo chotsatirachi ndi chongoyerekeza. Mayi wina wa ku Area 36 mumzinda wa Lilongwe akufuna kutsegula chigayo chofunika K10,000,000, koma ali ndi K4,000,000 yokha. Mchimwene wake akuikapo K2,000,000 kuti akhale nawo mwini wa chigayocho. Mnzawo wina akubwereketsa K4,000,000 yotsalayo kwa zaka zitatu, pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti pa chaka.

Mpamba wa eni ake ndi K6,000,000. Akaugawa m'masheya 600 a K10,000 iliyonse, mayiyo ali ndi masheya 400 ndipo mchimwene wake ali ndi 200, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo atatu a chigayo. Wobwereketsa uja alibe gawo lililonse. Iye ali ndi pepala lonena kuti azilandira K1,000,000 chaka chilichonse, ndipo pakutha pa zaka zitatu adzabwezeredwa K4,000,000 yake. Pepala limeneli likugwira ntchito ngati bondi.

M'chaka chabwino, chigayo chikalipira magetsi, antchito ndi lendi n'kutsala ndi K4,000,000, wobwereketsa amatenga K1,000,000 yake. K3,000,000 yotsalayo ndi ya eni ake, ndipo mchimwene uja amapeza K1,000,000 pa K2,000,000 imene anaika, yomwe ndi 50 peresenti. Wobwereketsa sapitirira 25 peresenti yake ngakhale chigayo chitapindula chotani.

M'chaka choipa, pamene chimanga chasowa ndipo magetsi akuthimathima, chigayo chikhoza kutsala ndi K1,000,000 yokha. Ndalama yonseyo imapita kwa wobwereketsa ndipo eni ake sapeza kanthu. Iwo sangadandaule kuti aberedwa, chifukwa palibe amene anawalonjeza phindu. Koma wobwereketsa akapanda kulipidwa ali ndi mlandu womveka umene angapite nawo kukhoti.

Bizinesi ikatsekedwa, dongosolo limakhala lomwelo. Makina ndi katundu yense akagulitsidwa pa K5,000,000, wobwereketsa amayamba kutenga K4,000,000 yake, ndipo eni ake amagawana K1,000,000 yotsalayo. Mchimwene uja amabwerera ndi ndalama pafupifupi K333,000 pa K2,000,000 imene anaika. Katunduyo akagulitsidwa pa K3,000,000, wobwereketsa amaluza K1,000,000 ndipo eni ake amachoka chimanjamanja. Izi zikuonetsa kuti wobwereketsa nayenso akhoza kuluza, kungoti amaluza pambuyo poti mpamba wa eni ake watheratu.

Masheya

Kampani yaikulu imagawa umwini wake m'masheya mamiliyoni kapena mabiliyoni, ndipo ikalembetsedwa pa msika wa masheya munthu aliyense akhoza kugulako. Njira imeneyi ndi yakale. Kampani ya ku Netherlands yochita malonda ku Asia, imene inakhazikitsidwa mu 1602, imatchulidwa kawirikawiri ngati yoyamba kugulitsa masheya kwa anthu wamba. Msika wa masheya wa ku Malawi unakhazikitsidwa mu 1994, ndipo malonda a masheya anayamba mu 1996 pamene kampani ya inshuwalansi ya NICO inakhala yoyamba kulembetsedwa. Ena mwa makampani amene ali pamsikawu ndi National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank, FDH Bank, Illovo Sugar, Press Corporation, Sunbird, TNM ndi Airtel Malawi.

Airtel Malawi ndi chitsanzo chodziwika chifukwa anthu wamba ambiri anagulako masheya ake. Kampaniyi inalowa pamsika mu February 2020. Inali ndi masheya 11 biliyoni, ndipo 2.2 biliyoni mwa iwo, omwe ndi 20 peresenti, anagulitsidwa kwa anthu pa mtengo wa K12.69 sheya imodzi. Munthu amene anagula masheya 10,000 analipira K126,900 ndipo anakhala mwini wa gawo limodzi mwa magawo 1,100,000 a kampaniyo. Umwini umenewu sumupatsa mphamvu yotenga katundu wa kampani kapena kuimba foni mwaulere. Umamupatsa zinthu zitatu: gawo la phindu limene kampani yaganiza zogawa, voti pa msonkhano waukulu wa pachaka molingana ndi kuchuluka kwa masheya ake, ndi ufulu wogulitsa masheyawo kwa munthu wina.

Phindu logawidwa limatchedwa dividendi. Akuluakulu oyendetsa kampani ndiwo amaona kuchuluka kwa ndalama yoti igawidwe, ndipo akhoza kusunga phindu lonse kuti akulitsire bizinesi kapena kubweza ngongole. Mwachitsanzo, kampani ikalengeza dividendi ya K2 pa sheya imodzi, munthu wa masheya 10,000 amayenera K20,000, ndipo msonkho umachotsedwa ndalamayo isanafike ku akaunti yake. Chaka chotsatira dividendiyo ikhoza kukwera, kutsika kapena kusaperekedwa n'komwe, popanda kampani kuphwanya lamulo lililonse.

Njira yachiwiri yopindulira ndi kukwera kwa mtengo wa sheya. Mtengowo sukhazikitsidwa ndi kampani kapena boma. Umachokera pa kugwirizana kwa ogula ndi ogulitsa, malinga ndi mmene akuonera phindu la kampani m'tsogolo. Sheya ilibe tsiku lobwezera ndalama, choncho amene akufuna ndalama zake ayenera kupeza wogula. Pa msika waung'ono ngati wa ku Malawi ili ndi vuto lenileni, chifukwa masheya ambiri ali m'manja mwa makampani akuluakulu ndi mabungwe a penshoni amene sagulitsa kawirikawiri. Masheya a makampani ena amatha masiku angapo osagulidwa, ndipo mtengo wolembedwa m'nyuzipepala umakhala wa malonda omaliza, osati umene wogulitsa angapeze lero.

Mwini sheya ali ndi chitetezo chimodzi chachikulu. Kampani ikagwa ndi ngongole, iye amaluza ndalama zokhazo zimene anagulira masheya. Ongongoza kampaniyo sangamulande nyumba kapena katundu wake. Apa pali kusiyana ndi bizinesi yaing'ono yosalembetsedwa ngati kampani, imene ngongole zake zimatsatira mwini wake mpaka kunyumba.

Mabondi

Bondi iliyonse imakhala ndi zinthu zitatu zolembedwa kuyambira pachiyambi: ndalama yodzabwezedwa, chiwongoladzanja chake, ndi tsiku lodzabweza. Wogula bondi savota pa nkhani za kampani ndipo salandira gawo la phindu. Chimene ali nacho ndi pangano.

Ku Malawi wobwereka wamkulu mwa njira imeneyi ndi boma, chifukwa makampani ambiri amabwereka ku mabanki m'malo motulutsa mabondi. Ngongole za boma zili m'magulu awiri. Za nthawi yochepa, zimene pa zikalata zimalembedwa kuti Treasury Bills, ndi za masiku 91, 182 kapena 364. Za nthawi yaitali, zolembedwa kuti Treasury Notes, ndi za zaka 2, 3, 5, 7 kapena 10. Reserve Bank imagulitsa zikalatazi m'malo mwa boma kudzera m'malonda opikisana, mmene ogula amatchula chiwongoladzanja chimene akufuna ndipo boma limasankha mitengo imene lingavomere.

Magulu awiriwa amalipira mosiyana. Pa ngongole ya nthawi yochepa, munthu amagula chikalata pa mtengo wotsika n'kudzalandira ndalama yonse pamapeto. Mu 2024 chiwongoladzanja cha chikalata cha masiku 364 chinali 26 peresenti, kutanthauza kuti munthu ankapereka pafupifupi K794,000 kuti adzalandire K1,000,000 pakutha pa chaka. Pa ngongole ya nthawi yaitali, chiwongoladzanja chimaperekedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Bondi ya K1,000,000 ya zaka zisanu pa 20 peresenti imapereka K100,000 kawiri pa chaka, ndipo K1,000,000 imabwezedwa pamapeto pa chaka chachisanu.

Chifukwa chake mtengo wa bondi umasintha

Anthu ambiri amaganiza kuti mtengo wa bondi susintha. Izi ndi zoona kwa munthu yekhayo amene wadikira mpaka tsiku lobwezera. Wofuna kugulitsa bondi yake nthawi isanakwane amapeza mtengo umene umadalira chiwongoladzanja cha pamsika tsiku limenelo, ndipo ziwirizi zimayenda mosemphana: chiwongoladzanja chikakwera, mtengo wa bondi yakale umatsika.

Chifukwa chake chimaoneka pa bondi ya K1,000,000 ya 20 peresenti ija. Pofuna kuti masamu asavute, chiwongoladzanja chiwerengedwe ngati choperekedwa kamodzi pa chaka. Bondiyo ikatsala ndi chaka chimodzi, mwini wake akuyembekezera K1,200,000. Ngati boma layamba kubwereka pa 26 peresenti, palibe amene angagule bondi yakaleyo pa K1,000,000, popeza ndalama yomweyo ingamubweretsere K1,260,000 pa chikalata chatsopano. Wogula angavomere mtengo umene ungamupatse 26 peresenti yomweyo, womwe ndi K1,200,000 kugawa ndi 1.26, pafupifupi K952,000. Chiwongoladzanja cha pamsika chikatsika kufika pa 15 peresenti, bondi yomweyo ingagulidwe pafupifupi K1,043,000.

Zaka zotsala zikachuluka, kusinthaku kumakulanso. Bondi yomweyo ikakhala kuti yatsala ndi zaka zisanu pamene chiwongoladzanja chakwera kufika pa 26 peresenti, mtengo wake umatsika kufika pafupifupi K842,000, chifukwa wogula adzakhala akulandira ndalama yochepa kwa zaka zisanu zathunthu. N'chifukwa chake bondi ya zaka khumi imapereka chiwongoladzanja chokwera kuposa chikalata cha masiku 91.

Kukwera mitengo kwa zinthu ndi kugwa kwa kwacha

Chiopsezo chachikulu kwa wogula bondi ku Malawi ndi kuchepa mphamvu kwa ndalama. Bondi imalonjeza chiwerengero cha makwacha, osati kuchuluka kwa zinthu zimene makwachawo adzagule.

Chikalata cha masiku 364 chija chikuonetsa bwino zimenezi. Wogula anapereka K794,000 ndipo phindu lake linali K206,000. Pochotsa msonkho wa 20 peresenti pa chiwongoladzanjacho, womwe ndi K41,200, iye anatsala ndi K958,800 yonse pamodzi. Koma mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti kapena kupitirira pa chaka. Ufa, sopo, mafuta ophikira ndi thiransipoti zimene zinkagulidwa ndi K794,000 zinafika pa K1,032,000 kapena kuposa pamenepo. Boma linakwaniritsa pangano lake lonse, koma wobwereketsayo anatha chaka ali ndi ndalama yogula zinthu zochepa kuposa poyamba.

Kugwa kwa kwacha kumachita chimodzimodzi mwadzidzidzi. Mu May 2022 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inaitsitsanso ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700 pa dola imodzi ya ku America. Bondi ya K1,000,000 imene inali yofanana ndi madola pafupifupi 850 inatsika kufika pa madola pafupifupi 590, ngakhale kuti chiwerengero cholembedwa pa chikalata sichinasinthe.

Masheya amakhudzidwa mosiyana. Kampani yogulitsa shuga kapena yopereka ntchito za mafoni ikhoza kukweza mitengo yake, ndipo phindu lake m'makwacha limakwera nawo. Nyumba, minda ndi makina ake nazonso zimakwera mtengo. Komabe chitetezo chimenechi si cha kampani iliyonse. Kampani imene ili ndi ngongole m'madola pamene ndalama zake imapeza m'makwacha imaona ngongoleyo ikukula tsiku limodzi kwacha ikagwa, ndipo kutayako kumadya phindu la eni masheya choyamba.

Kulephera kubweza

Bondi ndi yodalirika molingana ndi wobwereka wake. Kampani ikhoza kugwa, ndipo boma nalonso likhoza kulephera kubweza. Dziko la Zambia linalephera kulipira chiwongoladzanja pa bondi yake ya m'madola mu November 2020, ndipo obwereketsa anadikira zaka zingapo mpaka anagwirizana za dongosolo latsopano lolipirira. Ku Ghana, kuyambira mu December 2022, boma linapempha anthu ndi mabanki a m'dzikomo kuti asinthanitse mabondi awo ndi atsopano a chiwongoladzanja chotsika ndi nthawi yaitali yobwezera. Nkhani ya ku Ghana imaonetsa kuti ngakhale ngongole ya m'ndalama ya dziko lomwelo ikhoza kusinthidwa boma likapanikizika.

Chizindikiro chimodzi cha chiopsezo ndi chiwongoladzanja chenichenicho. Wobwereka wodalirika sasowa obwereketsa, choncho salipira zambiri. Kampani ikamalonjeza chiwongoladzanja chokwera kwambiri kuposa cha boma, ndiye kuti obwereketsa akuikayikira ndipo akufuna malipiro a chiopsezocho.

Zinthu ziwirizi zimalumikizananso. Mabanki a ku Malawi amaika gawo lalikulu la ndalama zawo m'zikalata za ngongole ya boma, ndipo chiwongoladzanja chake chimapanga gawo lalikulu la phindu lawo. Motero munthu amene wagula masheya a banki komanso bondi ya boma akhoza kuganiza kuti waika ndalama zake m'malo awiri osiyana, pamene zonse zikudalira kuti boma lipitirize kulipira.

Masheya a banki m'khonde

M'madera ngati Area 36, Kawale, Chinsapo ndi Area 25, mawu akuti sheya amamveka kwambiri m'magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama otchedwa banki m'khonde. Mamembala amagula masheya pa msonkhano uliwonse, gulu limabwereketsa ndalamazo kwa mamembala pa chiwongoladzanja, ndipo pakutha pa nyengo, kawirikawiri chaka, ndalama zonse zimagawidwa molingana ndi masheya a munthu aliyense.

Masheya amenewa ndi umwini weniweni, chifukwa palibe phindu lolonjezedwa. Ngongole zikabwezedwa bwino mamembala amagawana zambiri, ndipo ena akathawa nazo aliyense amaluza molingana ndi gawo lake. Koma amasiyana ndi masheya a kampani pa zinthu ziwiri. Ali ndi tsiku logawana, pamene sheya ya kampani ilibe mapeto, ndiponso sagulitsidwa kwa munthu wakunja pa mtengo wa pamsika. Membala amene wagula masheya m'gulu n'kubwerekanso ndalama m'gulu lomwelo ali mbali zonse ziwiri: ndi mwini wa thumba komanso wangongole wake.

Kagulidwe

Munthu sagula masheya mwachindunji ku msika. Amadutsira kwa kampani yovomerezeka yogulira ndi kugulitsira anthu masheya, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital. Kampaniyo imafuna chiphaso cha unzika, umboni wa kumene munthu akukhala ndi akaunti ya ku banki, ndipo imamutsegulira akaunti mu kaundula wa pakompyuta wotchedwa CSD, amene amasunga dzina la mwini wa sheya kapena bondi iliyonse. Pa malonda aliwonse, ogula kapena ogulitsa, pamakhala ndalama ya komishoni, choncho kugula ndi kugulitsa pafupipafupi kumadya phindu. Zikalata za ngongole ya boma zimagulidwa kudzera ku mabanki ndi makampani ovomerezeka a zachuma, amene amapereka pempho la wogula ku malonda a Reserve Bank.

Anthu ambiri olembedwa ntchito ali kale ndi gawo m'zinthu ziwirizi osadziwa. Kuyambira mu 2011 lamulo la penshoni limafuna kuti wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro ndipo wogwira ntchito aziika 5 peresenti mu thumba la penshoni. Oyendetsa matumba amenewa amaika gawo lalikulu la ndalamazo m'masheya a pa Malawi Stock Exchange ndi m'zikalata za ngongole ya boma.

Kusiyanitsa ziwirizi

Dzina lolembedwa pa pepala silokwanira kudziwitsa ngati chinthu ndi umwini kapena ngongole. Mafunso atatu amathandiza. Loyamba ndi lakuti kodi ndalama yolandira inalonjezedwa kapena idalira phindu. Lachiwiri ndi lakuti kodi pali tsiku limene mpamba udzabwezedwe. Lachitatu ndi lakuti bizinesi ikagwa, woika ndalamayo adzalipidwa pamodzi ndi ongongoza kapena pambuyo pawo. Ndalama yolonjezedwa, tsiku lobwezera ndi malo a patsogolo pamzere ndi zizindikiro za ngongole. Kusowa kwa zitatuzi ndi chizindikiro cha umwini.

Mafunso omwewa amaulula chinyengo. Munthu wogulitsa chinthu chimene akuchitcha sheya, koma n'kumalonjeza phindu lokhazikika la 30 peresenti mwezi uliwonse, akuphatikiza zinthu zosayenderana, chifukwa mwini salonjezedwa phindu ndipo palibe wobwereka wodalirika amene amalipira chiwongoladzanja chotero. Kawirikawiri ndalama zolipira oyamba zimachokera kwa olowa kumene, ndipo dongosololo limagwa olowa akachepa. Makampani ogulitsa masheya ndi mabondi kwa anthu ku Malawi amayenera kukhala ndi chilolezo cha mkulu woyang'anira mabungwe a zachuma, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank, ndipo sheya kapena bondi yogulidwa pamsika imaoneka pa sitetimenti ya CSD m'dzina la wogulayo.

Kusankha pakati pa ziwirizi kumadalira kwambiri nthawi imene ndalamayo idzafunike. Ndalama ya fizi yofunika pakatha miyezi isanu ndi umodzi imagwirizana ndi chikalata cha masiku 182, chifukwa tsiku ndi chiwerengero chake zimadziwika, pamene masheya akhoza kukhala atatsika kapena osapeza wogula sabata imene ndalamayo ikufunika. Ndalama yosafunika kwa zaka khumi imakumana ndi vuto lina, la kukwera mitengo kwa zinthu, limene limadya chiwerengero chokhazikika cha bondi chaka ndi chaka, pamene gawo la umwini mu kampani yopindula limatha kukwera limodzi ndi mitengoyo.